Kusankha dzina limene kagalu kapena kamphaka kanu kadzalimve msanga

Kagalu kakangolowa pakhomo, ana ndiwo amayamba kupikisana pa dzina. Wina akuti Taiga, wina akuti Buluno, agogo nawo ali ndi lawo lalitali lokuluwika. Mayina onsewa amasankhidwa ndi khutu la munthu, pomwe amene ati azilimva tsiku ndi tsiku ndi galuyo. Galu sadziwa kuti Taiga ndi chilombo choopsa. Kwa iye dzina ndi kaphokoso kamodzi pakati pa maphokoso ambirimbiri a pakhomo, ndipo amakaphunzira pokhapokha kakamamveka mosiyana ndi ena onse komanso kakamabwera ndi zabwino. Ntchito yanu ili pawiri: kupeza kaphokoso kosiyana ndi ena, kenako kukapatsa tanthauzo. Njira yake ndi iyi.

Choyamba: dzina likhale la maphatikizo awiri

Kumbukirani maphatikizo a ku Sitandade 1, aja a ba, be, bi, bo, bu. Werengani dzina mwa njira yomweyo. Bo-bi ndi awiri. Si-mba ndi awiri. Ka-mbu-ku ndi atatu. Mwa-ndi-da-kale ndi ochuluka kale.

Awiri ndiwo muyeso wabwino. Dzina la phatikizo limodzi limatha msanga, ndipo limatayika mosavuta pakati pa zokamba za anthu kapena phokoso la njinga yamoto imene ikudutsa. Dzina la maphatikizo anayi kapena asanu limatenga nthawi, moti galu amene akuthamangira kumsewu amakhala wafika pa tala inu musanamalize kumutchula. Vuto lina la dzina lalitali ndi lakuti anthu a m'nyumba amalidula aliyense mwa njira yake. Galu wotchedwa Zilikwaanthu adzakhala Zili kwa mayi, Ziko kwa mwana wamkulu, Kwanthu kwa mlonda. Kagalu ka milungu 8 kamamva maphokoso atatu osiyana, ndipo sikadziwa kuti onsewo ndi ake.

Sindikunena kuti mayina okuluwika atayidwe. Ndi mwambo wathu wakale kutcha galu dzina lonena za kukhosi, ndipo ine ndimaukonda. Ngati mtima wanu uli pa dzina lotere, lisungeni kuti likhale lolembetsa pa khadi la katemera, koma gwirizanani lero lomwe chidule chimodzi choitanira, ndipo aliyense aziitana ndi chomwecho.

Chichewa chimatithandiza kale pa mbali imodzi. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, kotero dzina lachichewa limatheka kulikoka ndi kulikweza kumapeto poitana patali: Bo-biii! Dzina lachizungu lothera pa lembo lotseka, nafenso timaliwonjezera tokha liwu kumapeto, nchifukwa chake galu wa Jaki kapena Rekisi amapezeka paliponse. Zimenezo nzabwino, bola muwerenge maphatikizo monga mmene dzinalo lizitchulidwira pakhomo panu. Re-ki-si afika atatu.

Chachiwiri: liyambe mwamphamvu, lithere m'mwamba

Makutu a nyamazi ndi akuthwa kuposa athu pa mawu okwera. Munthu amamva mpaka phokoso lonjenjemera ka 20,000 pa sekondi, galu amapitirira ka 40,000, mphaka amapitirira ka 60,000. Nchifukwa chake mphaka amamva kulira kwa khoswe kudenga inu musakumva kanthu. Izi sizitanthauza kuti muzikuwa ndi mawu aang'ono ngati mwana. Zimangosonyeza kuti galu akapanda kutembenuka, nthawi zambiri vuto si loti sanamve. Wamva, koma sanazindikire kuti phokosolo likumukhudza. Kukweza mawu sikuthetsa vuto limeneli.

Chimene chimathandiza ndi kapangidwe ka phokosolo. Katswiri wa khalidwe la nyama wa ku Amereka, Patricia McConnell, anaonetsa mu kafukufuku wake wa 1990 kuti tiagalu timafulumira kubwera tikamva timaphokoso tatifupi tobwerezedwa tokwera kumapeto, kusiyana ndi phokoso limodzi lalitali lotsika. Aliyense amene anawetapo ng'ombe za pangolo amazidziwa kale izi: pozifulumizitsa amadula mawu pafupipafupi, poziimitsa amakoka liwu limodzi lotsika. Dzina ndi loti nyama idzuke ndi kukuyang'anani, choncho liyenera kukhala la mtundu woyambawo.

Pachifukwa chomwechi ophunzitsa agalu ambiri amakonda mayina oyamba ndi malembo ophulika pakamwa monga k, t, p, b, d, kh, th ndi ch. Yesani nokha. Nenani kuti Tiki, kenako nenani kuti Mwayi. Loyambalo lili ndi poyambira pomveka bwino, lachiwirilo limalowa pang'onopang'ono ndipo limasungunuka m'mawu ena. Kumapeto, i ndi o amakwezeka mosavuta. Bobi, Tiki, Khofi, Pido, Koko: onsewa ali ndi chiyambi cholimba ndi mathero otseguka. Komabe musade nkhawa ngati dzina lanu likuyamba ndi s kapena m. Agalu otchedwa Simba amadziwa mayina awo bwinobwino. Mfundo iyi ndi yothandizira chabe, siposa yotsatirayi.

Chachitatu: liyeseni ndi mawu amene amamveka pakhomo panu

Apa ndi pamene mayina ambiri okoma amagwera, ndipo ndi pamene ndikupemphani kuti mukhalitse. Tengani pepala, mulembe mawu amene mudzauze galuyo moyo wake wonse: bwera, khala, gona, choka, siya, tiye, ayi, basi, gwira. Pansi pake lembani mayina oitanira a anthu onse a m'nyumba ndi a ana a oyandikana nawo, monga mmene amatchulidwira: Chiko, Mada, Thoko, Tada, Yami. Pomaliza lembani mawu amene amakuwidwa kawirikawiri pamalo panu. Tsopano tchulani dzina limene mukufuna, motsatizana ndi liwu lililonse la papepalalo, mokweza. Limene likumveka ngati m'bale wake wa liwu lina, lichotseni.

Chitsanzo chimene ndimachiona kwambiri ndi Bela. Ndi dzina lokoma ndithu, koma m'kamwa mwa Mchewa l ndi r zimayenda limodzi, moti Bela ndi bwera zimasiyana pang'ono kwambiri. Wina angaganize kuti zimenezo nzothandiza poti galu akaitanidwa amayenera kubwera. Koma pakhomo liwu loti bwera limanenedwa kwa ana, kwa mlendo, kwa wogulitsa masamba, tsiku lonse. Galu amatembenuka ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu, osapezapo kanthu, kenako amaphunzira kuti phokosoli silimukhudza. Mukatero mwapha mawu awiri nthawi imodzi, dzina lake ndi lamulo lofunika kuposa onse.

Chona ndi dzina lachikale la mphaka, koma limayamba ngati choka ndipo limatha ngati gona. Kamphaka kamene kamamva choka potsagana ndi tsache kangayambe kuthawa dzina lake lomwe. Tiya amawombana ndi siya komanso tiye. Dala amawombana ndi khala. Dowe amamveka ngati iwe, liwu limene pakhomo pathu limatuluka nthawi zambiri mwaukali. Duku ndi dzina labwino kwa galu wa banga loyera pamutu, koma ngati mumaweta nkhuku muganize kawiri, chifukwa galu amene amatembenuka mwachimwemwe aliyense akakuwa za nkhuku simumufuna.

Malo amene mumakhala nawonso ali ndi mawu ake. Amene nyumba yake ili pafupi ndi siteji ya maminibasi asatche galu wake Limba, poti oitanira amakuwa Limbe kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Mayina ofala kwambiri ali ndi vuto lofananalo. M'madera othinana ngati Ndirande, Mbayani kapena Bangwe, kumene mpanda umodzi umagawa mabanja awiri, mwina pali kale Taiga kapena Poizoni m'nyumba yachitatu kuchokera panu. Funsani kaye mayina a agalu oyandikana nanu.

Dzina la munthu lipeweni kotheratu. Kupatula kusokoneza galu, limadanitsa. Mayi wa mwana wotchedwa Chikondi sangasangalale kumva mukukuwa Chiko kwa galu amene wagubuduza ndowa ya zinyalala, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka.

Ngati mwatenga tiwiri nthawi imodzi, musatipatse mayina a mapasa monga Tiki ndi Piki. Kusiyana kwa lembo loyamba lokha nkochepa. Siyanitsani mawu a m'kati: Tiki ndi Bobo, Khofi ndi Duma.

Tiyerekeze banja lina la ku Chilomoni

Banjali latenga kagalu kofiirira ka milungu 8. M'nyumba muli bambo, mayi ndi ana awiri, Thoko ndi Mada. Kuseri kuli khola la nkhuku, ndipo oyandikana nawo ali ndi galu wamkulu wotchedwa Taiga. Madzulo aliyense wapereka dzina lake: Bela, Thobwa, Kambuku, Duku ndi Khofi.

Bela wagwa chifukwa cha bwera. Thobwa likugwirizana ndi mtundu wa kagaluko, koma limayamba ndendende ngati Thoko, ndipo Thoko amaitanidwa kambirimbiri pa tsiku. Kambuku ali ndi maphatikizo atatu, ndipo akamudula akhala Buku, liwu limene ana asukulu amalitchula madzulo aliwonse. Duku wagwa chifukwa cha khola lija. Watsala Khofi. Maphatikizo ndi awiri, amayamba ndi kh wamphamvu, amathera pa i. Amayamba mofanana ndi khala, koma mawu a m'kati ndi osiyana kwambiri, o ndi i mbali ino, a ndi a mbali inayo, choncho palibe chodetsa nkhawa. Pakhomopa amamwa tiyi, kotero liwu loti khofi silimveka kawirikawiri. Mayi afunsa ngati pali Sofi m'nyumba zapafupi, ndipo palibe. Pakadakhala Sofi, nalonso likadagwa.

Chotsala nchoti aliyense alitchule mokweza, mmodzimmodzi, ataima pakhonde. Mada, amene ali ndi zaka 4, akulitchula bwino osapunthwa. Bambo akulikuwa kuchokera kugeti osachita manyazi. Mayeso achiwiriwa musawapeputse: dzina limene mwini wake amachita nalo manyazi pagulu, amalitchula monong'ona kapena kulisintha.

Chachinayi: lipatseni tanthauzo

Dzina likasankhidwa, likadali phokoso lopanda kanthu. Tanthauzo limene mukufuna kulipatsa ndi limodzi lokha: ndiyang'ane, pali zabwino. Si bwera, si leka, si khala pansi.

Konzani timphatso 10 tating'ono, kalikonse kosaposa njere ya nyemba. Tizidutswa ta nyama yankhuku yophika yopanda fupa, dzira lowiritsa, kapena usipa wopanda mchere wouduladula, zonsezi zimagwira ntchito. Musagwiritse ntchito ndiwo zotsala zokazingira anyezi, chifukwa anyezi amawononga magazi a agalu ndi amphaka, ndipo mafupa ophika amathyoka mosongoka. Sankhani nthawi imene kagalu kali ndi njala pang'ono, chakudya chisanaperekedwe, m'chipinda chopanda wailesi ndi ana othamanga.

Khalani pansi pafupi nako. Dikirani kayang'ane kwina. Tchulani dzina kamodzi kokha, mwansangala, mawu akukwera kumapeto. Kakangotembenuza mutu, nenani kuti eya, ndipo mphatso ifike pakamwa pasanathe masekondi 2. Kufulumira kumeneku ndiko chinsinsi chonse, chifukwa nyama imalumikiza mphotho ndi chimene yachita pa kanthawi komweko. Mukachedwa kufufuza m'thumba, kagalu kakhala kayamba kale kununkhiza mkeka, ndipo mwakalipira chifukwa chonunkhiza mkeka. Choncho mphatso ikhale m'dzanja musanatsegule pakamwa.

Kakapanda kutembenuka, musabwereze dzina. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Khofi, Khofi, Khofi, iwe Khofi, ndi njira yophunzitsira galu kuti maulendo atatu oyamba alibe ntchito. M'malo mwake imbani mluzu pang'ono kapena gogodani pansi ndi chala, kakayang'ana kapatseni mphatso, kenako sunthirani pafupi ndi kuyesanso patapita kamphindi. Kakalephera kawiri motsatizana, ndiye kuti malowo ali ndi zododometsa zambiri kapena kakhuta. Lekani, mudzayambirenso nthawi ina.

Timphatso 10 tikatha, phunziro latha. Limatenga mphindi 2 kapena 3 basi. Chitani chimodzimodzi katatu pa tsiku, ndipo anthu a m'nyumba azisinthana, kuti kagalu kadziwe kuti dzinalo ndi lomwelo kaya latuluka m'mawu aakulu a bambo kapena aang'ono a mwana. Tiagalu tambiri timayamba kutembenuka mosakayika pakatha masiku ochepa.

Mudziwa bwanji kuti kalidziwadi, osati kakungotsata fungo la usipa? Bisani mphatso kumbuyo, dikirani kakhale kotanganidwa ndi chinthu china, ndipo nenani liwu lina la maphatikizo awiri, monga mbale, ndi kamvekedwe kofanana ndi ka dzina. Dikirani pang'ono, kenako tchulani dzinalo. Ngati kakutembenukira dzina lokha, kaligwira. Ngati kakutembenukira chilichonse, kakumva kamvekedwe ka mawu anu chabe, ndipo mupitirize masiku ena angapo. Kakamatembenuka ka 8 pa maulendo 10 m'chipinda, tulukani nako pakhonde. Kumeneko kadzaoneka ngati kaiwala zonse, ndipo zimenezo nzachibadwa, poti galu amaphunziranso chinthu pamalo atsopano aliwonse. Pakhonde pakatheka pitani pabwalo, kenako pamene ana akusewera, kenako pamene nkhuku zili panja. Kunja kwa mpanda dikirani mpaka katalandira akatemera ake, kuphatikizapo wa chiwewe amene amaperekedwa kakakwanitsa miyezi 3. Mu Blantyre muno kampeni ya katemera wa chiwewe waulere yakhala ikuchitika kuyambira 2015 mothandizidwa ndi bungwe la Mission Rabies, ndipo tsiku limenelo, pakati pa agalu ambiri ouwa pamzere, mudzaona ubwino wa galu amene amakuyang'anani mukamutchula.

Mphatso zazakudya muzichepetse pang'onopang'ono. Ulendo wina kasisiteni pachifuwa, ulendo wina kaponyereni mpira, ulendo wina usipa. Koma musasiyiretu kulipira.

Chimene chimawononga dzina

Dzina limene laphunzitsidwa bwino limaonongeka ndi mkwiyo. Kagalu katafuna nsapato, munthu nkukuwa dzina lake atanyamula ndodo, kamaphunzira kuti phokosoli nthawi zina limabweretsa ululu. Zizindikiro zake zimaoneka msanga: mukakatchula kamagwetsa makutu, kamapinda mchira, kamayang'ana kumbali kapena kamalowa pansi pa galimoto. Poletsa gwiritsani ntchito ayi kapena siya, dzina lisakhalepo, ndipo kumenya kusakhalepo konse. Musakaitanenso ndi dzina pofuna kukachita zimene kamadana nazo, monga kukasambitsa mankhwala a nkhupakupa kapena kukatsekera m'khola. Pitani mukakanyamule mwakachetechete. Auzeni zimenezi onse a pakhomo, kuphatikizapo wantchito ndi mlonda, amene nthawi zambiri amakhala ndi galu maola ambiri kuposa mwini wake.

Dzina likawonongeka kale, kapena mwalandira galu wamkulu amene amanjenjemera akamva dzina lake lakale, musalimbane nalo. Sankhani latsopano losafanana nalo m'kamvekedwe ndi kuyambiranso ndi timphatso 10 tija. Galu wa msinkhu uliwonse amaphunzira dzina latsopano.

Za mphaka

Ambiri timangoti pusi, poganiza kuti mphaka saphunzira dzina. Amaphunzira. Mu 2019 gulu la akatswiri a ku Japan lotsogozedwa ndi Atsuko Saito linaonetsa kuti amphaka a m'nyumba amasiyanitsa mayina awo ndi mawu ena ofanana nawo kutalika, ngakhale wowatchula akhale mlendo. Koma kuyankha kwawo kunali kwa makutu ndi mutu, osati kudzuka nkuthamanga. Choncho kamphaka kanu kakagwedeza khutu kapena kutembenuza mutu pang'ono, kayankha, ndipo kalipireni pomwepo. Mukadikira kuti kabwere kumiyendo yanu ngati galu, mudzaganiza kuti nkogontha kapena nkamwano.

Pusi si dzina labwino chifukwa ndi la amphaka onse a m'dera lanu, komanso limayandikana ndi basi. Tiki, Kiki kapena Pido ndi abwinopo. Phunziro la mphaka likhale lalifupi kuposa la galu, timphatso 5 tokha, ndipo nthawi yabwino ndi m'mawa kapena chakumadzulo pamene amakhala wochangamuka. Tchulaninso dzina kamodzi nthawi iliyonse musanaike mbale yake pansi. Ngati amphaka ali angapo, phunzitsani aliyense payekha m'chipinda chotseka. M'kafukufuku uja, amphaka okhala ambiri malo amodzi momwe alendo amawatchula mosakaniza ankavutika kusiyanitsa dzina lawo ndi la anzawo.

Ngati palibe chikusintha

Pakatha milungu 2 mukuchita zonsezi koma kanyama sikakutembenuka ngakhale pang'ono, yesani makutu ake. Dikirani kagone kapena kayang'ane kwina, imani kumbuyo kwake patali pang'ono kuti kasamve mphepo ya manja anu kapena kugunda kwa mapazi, ndipo gwedezani makiyi kapena ombani m'manja kamodzi. Kamene kamamva kamagwedeza makutu kapena kudzidzimuka. Tiana ta agalu ndi amphaka timabadwa makutu ali otseka ndipo amatseguka pakatha pafupifupi milungu 2, kotero ka milungu 8 kayenera kumva bwino. Kugontha kobadwa nako kumapezeka kwambiri mwa amphaka oyera a maso abuluu ndi agalu oyera kwambiri m'mutu. Yang'ananinso m'kati mwa makutu. Mukaona zakuda zambiri, mukamva fungo loipa, kapena kanyama kakamakanda makutu ndi kupukusa mutu kawirikawiri, pitani nako kwa dokotala wa ziweto, ndipo musathiremo mafuta kapena mankhwala ongoganizira. Kakapezeka kuti nkogonthadi, sankhani chizindikiro chimodzi cha dzanja, monga kutambasula chikhatho pafupi ndi nkhope yanu, ndipo chiphunzitseni mwa njira yomweyi ya timphatso 10. Usiku kuthwanimitsa tochi kamodzi pansi pafupi nako, osati m'maso, kumagwira ntchito yomweyo. Kanyama kotere kasamatuluke kunja kwa mpanda kopanda chingwe, chifukwa sikamva galimoto ikubwera.